Kapisozi wofiira ndi wachikasu: chifukwa chake dzina la papaketi limaposa maonekedwe

Mu Blantyre muno anthu ambiri amatchula mankhwala potengera maonekedwe ake. Pa zenera la famase ku Limbe kapena pa sitolo ya mankhwala ku Ndirande mudzamva wina akuti, "Mundipatseko makapisozi aja ofiira ndi achikasu," wina akuti, "Ine amandiyanja ndi akuda ndi ofiira." Wogulitsa wophunzira ntchito yake amafunsa kaye dzina la mankhwalawo ndi kalata ya adokotala, ndipo nthawi zina wogulayo amachoka ali wokhumudwa, poganiza kuti akungomuvutitsa. Palinso kusokonezeka kwina komwe kumachitika ku chipatala. Munthu amene mwezi watha analandira makapisozi ofiirira, lero walandira oyera ndi obiriwira, chonsecho amuuza kuti ndi mankhwala omwe aja. Amabwerera kunyumba akukayika ngati sanamusinthire.

Anthu onsewa ali ndi funso limodzi: kodi kapisozi amadziwika ndi chiyani? Kuti tiliyankhe tiyenera kupatula zinthu zitatu zimene diso limaziona ngati chimodzi, zomwe ndi chigoba chakunja, ufa wamkati, ndi mawu olembedwa papaketi.

Chigoba n'chiyani, ndipo utoto wake amasankha ndani?

Kapisozi ndi kachotengera. Amapangidwa ndi tizigoba tiwiri tolowana, kena kakatali kena kakafupi ngati chivindikiro, ndipo mankhwala enieni ndi ufa umene uli mkatimo. Zigoba zambiri amazipanga ndi jelatini, chinthu chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, chomwe chimasungunuka chikafika m'mimba n'kumasula ufawo. Luso limeneli ndi lakale kuposa maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya. Ku France, a Mothes ndi a Dublanc analembetsa kapisozi wa jelatini m'chaka cha 1834, ndipo kapisozi wa zigoba ziwiri analembetsedwa ku London ndi a James Murdoch m'chaka cha 1847. Cholinga chinali choti mankhwala owawa kapena onunkha amezeke mosavuta. Penisilini, amene a Alexander Fleming anamutulukira mu 1928, anabwera patadutsa zaka pafupifupi 100 chiyambire makapisozi.

Jelatini payekha alibe maonekedwe owala, choncho amamuthira utoto. Ndipo mfundo yaikulu ya nkhani yonseyi ili apa: palibe lamulo la dziko lonse lapansi lonena kuti mankhwala akutiakuti azikhala m'chigoba chofiira, akutiakuti m'chobiriwira. Kampani iliyonse imadzisankhira. Ina imasankha utoto wosiyanitsa katundu wake ndi wa anzake. Ina imatengera maonekedwe a kampani imene inayamba kutchuka ndi mankhwalawo, kuti ogula asawadabwe. Komanso mafakitale ambiri a mankhwala sapanga okha zigoba, amachita kugula zopanda kanthu kwa makampani ena amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ndiye chigoba chofiira ndi chachikasu chochokera kwa wopanga mmodzi chingathe kupita ku mafakitale awiri, ina n'kuthiramo amokisilini, inayo tetirasayikilini.

Zili ngati zigubu zachikasu zimene timaziona paliponse mumzinda uno. Zonse zinabwera ndi mafuta ophikira, koma lero china chili ndi madzi a pa mpope, china palafini, china petulo. Palibe mayi amene angathire za m'chigubu mu mphika chifukwa choti ndi chachikasu. Amayamba wanunkhiza kapena kufunsa. Vuto la kapisozi ndi lakuti kununkhiza sikuthandiza, ndipo ngakhale mutamutsegula, ufa wa mankhwala ambiri ndi woyera kapena wotuwirako basi.

Dziko la Malawi limaitanitsa mankhwala ambiri kuchokera kunja, makamaka ku India ndi maiko ena. A Central Medical Stores Trust, amene amagulira zipatala za boma, amagula kwa makampani amene apambana pa mpikisano wa mitengo ndi zofunikira zina, ndipo wopambana chaka chino sakhala yemweyo nthawi zonse. Zipatala za mishoni, zipatala zolipira ndi mafamase nazo zili ndi kumene zimagula. N'chifukwa chake amokisilini yemweyo mungamuone wofiirira ndi wachikasu ku Zingwangwa, kenaka m'maonekedwe ena ku Gulupu, popanda amene walakwitsa kanthu.

Mayina awiri a papaketi

Paketi ya mankhwala kawirikawiri imakhala ndi mayina awiri. Loyamba, lomwe nthawi zambiri limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokongola, ndi dzina la malonda. Limeneli ndi la kampani, ndipo kampani ina yopanga mankhwala omwewo imakhala ndi lake. Lachiwiri, lomwe limakonda kukhala pansi pake m'zilembo zazing'ono, ndi dzina la mankhwala enieniwo. Limeneli silisintha, kaya paketiyo yachokera ku Mumbai, ku Nairobi kapena ku London.

Kusasintha kumeneku sikunangochitika. Maantibayotiki ndi mankhwala ena atachuluka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mankhwala amodzi ankapezeka ndi mayina ambirimbiri, ndipo madokotala a maiko osiyana sankamvana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yopatsa mankhwala aliwonse dzina limodzi losakhala la kampani iliyonse, ndipo mndandanda woyamba unatuluka mu 1953. Mpaka lero bungweli ndi limene limavomereza mayinawa. Tonse timaidziwa nkhaniyi ngakhale sitiiganizira. Panado ndi dzina la malonda, mankhwala ake ndi parasitamo. Bakitirimu ndi dzina la malonda la kotirimokisazo, ndipo Fulajilu ndi la metironidazo. Amokisilini naye anatuluka mu 1972 kuchokera ku kampani ya Beecham ya ku Britain ali ndi dzina la malonda lakuti Amoxil, koma lero makampani omupanga ndi osawerengeka.

Dzina losasinthali lili ndi ubwino wina umene utoto sungakhale nawo. Amalipanga mwadala kuti lizisonyeza banja la mankhwalawo. Onani mmene mayina awa amalembedwera papaketi:

```
Amoxicillin   Ampicillin   Cloxacillin
Tetracycline  Doxycycline
```

Atatu a pamwambawo onse akuthera ndi `-cillin`, kusonyeza kuti ndi a banja la penisilini. Awiri a m'munsiwo akuthera ndi `-cycline`, banja lina losiyana kotheratu, lopha mabakiteriya mwa njira ina ndiponso lokhala ndi malamulo ena a kamwedwe. Munthu safunika kudziwa Chingerezi kuti aone zimenezi. Akungofunika kuzindikira zilembo zomaliza, monga mmene timazindikirira nambala ya minibasi.

Dzina la malonda lilibe udindo umenewu. Mwachitsanzo, Augmentin sakuthera ndi `-cillin`, koma mkati mwake muli amokisilini wosakaniza ndi mankhwala ena omuthandiza. Munthu amene thupi lake limakana penisilini akangowerenga zilembo zikuluzikulu zokha angaganize kuti wapulumuka. Zilembo zazing'ono za pansi ndi zimene zimaulula.

Nambala yotsatira dzina

Dzina limayenda ndi nambala. Paketi yonse bwinobwino imakhala ndi mizere yonga iyi, kutsogolo kwa katoni kapena kumbuyo kwa kapepala ka siliva komwe makapisozi amakhalamo:

```
Amoxicillin Capsules 250 mg
Batch No.
Mfg. Date
Exp. Date
```

Mzere woyamba ndi dzina ndi mphamvu yake, kutanthauza kuchuluka kwa mankhwala mu kapisozi mmodzi, m'mamiligiramu. Wachiwiri ndi nambala ya gulu limene linapangidwa nthawi imodzi, yomwe imathandiza kulondola mankhwala ngati apezeka ndi vuto. Awiri omalizawo ndi tsiku lopangidwa ndi tsiku lothera ntchito. Pa zinthu zonsezi, palibe ngakhale chimodzi chimene maonekedwe a chigoba angakuuzeni.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Bangwe amene wadwala chifuwa chokhala ndi kutentha thupi, ndipo achipatala atamupima amulembera amokisilini wa 500 mg katatu pa tsiku kwa masiku 5. Ku famase ya chipatalacho tsiku limenelo kuli makapisozi a 500 mg, ofiirira ndi achikasu. Amupatsa 15, kumwa mmodzi m'mawa, mmodzi masana, mmodzi usiku. Wachira. M'mutu mwake mwakhazikika zinthu ziwiri: mankhwala a chifuwa ndi ofiirira ndi achikasu, ndipo amamwedwa mmodzimmodzi.

Patapita miyezi, wadwalanso, ndipo amulembera mankhwala omwewo pa mlingo womwewo. Koma ulendo uno ku famase kuli a 250 mg okha, ochokera ku kampani ina, m'zigoba za maonekedwe ena. Kuti mlingo ukwane ayenera kumwa awiri nthawi iliyonse, ndiye amupatsa 30, ndipo pa kathumba ka pulasitiki alemba `2 x 3`. Wa ku famase anena mofulumira, chifukwa mzere ndi wautali, kuti, "Bambo, awiri katatu pa tsiku, mumalize onse."

Pali njira zitatu zimene nkhaniyi ingasokonekere, ndipo zonse zikuchokera pa kukhulupirira maso. Yoyamba, bamboyo angamwe mmodzimmodzi monga anazolowera. Akatero ndiye kuti pa tsiku akulandira 750 mg m'malo mwa 1,500 mg, theka lenileni. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona kwa amene akudziwa: masiku 5 akatha m'kathumba mukhala mutatsala makapisozi 15, pamene mumayenera kukhala mopanda kanthu. Yachiwiri, angaganize kuti amupatsa mankhwala ena osagwira ntchito, n'kuwaika pambali, n'kupita kukasaka ofiirira ndi achikasu aja kwa wogulitsa wosavomerezeka, kumene angapatsidwe chilichonse chokhala m'chigoba chotero. Yachitatu ndi yobisika kwambiri. Angamwe onse awiri, a kuchipatala ndi ogula, poganiza kuti ndi mankhwala osiyana othandizana, chikhalirecho akuwirikiza amodzimodzi kapena kusakaniza osayenera.

Zingathenso kutembenuka. Amene anazolowera awiriawiri a 250 mg akapatsidwa a 500 mg n'kupitiriza kumwa awiriawiri, mankhwala amuthera pakati pa njira atamwa mlingo wowirikiza. Kukula kwa kapisozi nako sikodalirika kwenikweni. N'zoona kuti wa 500 mg amakonda kukhala wokulirapo kuposa wa 250 mg wa kampani yomweyo, koma mukayerekeza mankhwala osiyana, kukula sikunena kanthu. Dokisisayikilini wa 100 mg yekha ndi mlingo wokwanira wa munthu wamkulu pa kumwa kumodzi.

Theka la mlingo si nkhani ya munthu mmodzi yekha. Mabakiteriya akakumana ndi mankhwala osakwanira kuwapha, amene ali olimbirako amatsala n'kuswana, ndipo umu ndi mwa njira zimene tizilombo tosamva mankhwala timachulukira. Ku Blantyre kuno si nkhani yongomva. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika zotsatira za magazi a odwala a ku chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo lipoti lawo la mu 2017 linasonyeza kuti mabakiteriya ena oyambitsa matenda a m'magazi anali atasiya kumva mankhwala ambiri amene kale ankawagonjetsa. Zoyambitsa zake ndi zambiri, ndipo sitinganene kuti ndi makapisozi osokonezedwa okha. Koma kumwa maantibayotiki olakwika kapena osakwanira kuli m'gulu la zoyambitsazo.

Pamene ufa wamkati ndi wina

Kusokoneza mphamvu n'koipa, koma kusokoneza mankhwala enieniwo n'koopsa kuposa. Mawu akuti "makapisozi" ambirife timawagwiritsa ntchito ngati dzina la mankhwala amodzi ochiza zilonda, chifuwa, m'mimba ndi matenda opatsirana pogonana. Koma maantibayotiki sali ngati Panado amene amaziziritsa ululu kulikonse kumene uli. Aliyense ali ndi mabakiteriya amene amawatha ndi ena amene sawakhudza n'komwe.

Tengani amokisilini ndi kulokisasilini, omwe ndi a banja limodzi. Amokisilini amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa chibayo ndi matenda a m'khutu. Koma pa zithupsa ndi mabala a mafinya, bakiteriya amene amakonda kuyambitsa vutolo nthawi zambiri amatulutsa chinthu chophwanya amokisilini, ndipo kulokisasilini anapangidwa makamaka kuti apirire chinthu chimenecho. Kamwedwe kawonso n'kosiyana. Amokisilini mungamwe mutadya kapena musanadye, pamene kulokisasilini amalowa bwino m'thupi m'mimba muli mopanda chakudya, ndipo amamwedwa kanayi pa tsiku. Awiriwa angathe kufanana maonekedwe mpaka osawasiyanitsa.

Banja la `-cycline` lili ndi malamulo akeake. Tetirasayikilini akakumana ndi mkaka, mankhwala a kutentha pamtima kapena mapiritsi owonjezera magazi aja amalandira amayi ku sikelo, amamatirirana nazo m'matumbo ndipo wambiri salowa m'magazi. Dokisisayikilini amafuna madzi ambiri, kapu yodzadza, ndiponso munthu asagone atangomwa, chifukwa kapisozi akaima pammero angathe kuyambitsa chilonda chopweteka pomeza. Chachikulu n'chakuti mankhwala a banja limeneli amapewedwa kwa amayi oyembekezera ndi kwa ana aang'ono, chifukwa amakhudza mano ndi mafupa amene akukula, ndipo tetirasayikilini angasiye mano a mwana ali othimbirira moyo wake wonse. Amokisilini, kumbali ina, amaperekedwa kwa oyembekezera ndi ana kawirikawiri. Tsono taganizani mkazi wa bambo wa ku Bangwe uja ali ndi pakati, akutsokomola, ndipo mnzake woyandikana naye nyumba akumuuza mwachikondi kuti, "Asisi, ine ndili nawo otsala, omwe aja anachira nawo bambo a kwanu, ofiira ndi achikasu." Onse awiri ali ndi mtima wabwino, koma palibe amene akudziwa ngati m'chigobamo muli mankhwala oyenera woyembekezera kapena oletsedwa.

Ndiye pali nkhani ya thupi kukana mankhwala. Anthu ena akamwa penisilini amatuluka ziwengo, kuyabwa, kutupa milomo ndi nkhope, ndipo owerengeka amabanika mpaka kufa ngati sathandizidwa msanga. Munthu wotere akangokumbukira kuti "ofiira ndi akuda aja sandiyanja", adzapewa chigoba chimenecho koma n'kumwa mosakayika oyera kapena obiriwira amene ali a banja lomwelo. Chomuteteza n'kudziwa kuti chilichonse chothera ndi `-cillin` ayenera kuchitchula kwa adokotala, ndiponso kuti zimenezi zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Ine ndimaona kuti pa zifukwa zonse zowerengera dzina, ichi ndicho cholemera kwambiri, chifukwa apa kulakwitsa kumodzi kokha n'kokwanira.

Tisaiwale kuti si kapisozi aliyense amene ali antibayotiki. Indosidi, amene ambiri amamudziwa pa nyamakazi ndi kupweteka kwa msana, ndi kapisozi koma sapha bakiteriya ngakhale mmodzi. Ndi wochepetsa ululu ndi kutupa, ndipo akamwedwa mosasamala amayambitsa zilonda za m'mimba n'kuwononga impso. Mankhwala ena a zilonda za m'mimba, a mafangasi ndi a ululu waukulu amabweranso m'makapisozi. Amene wamwa indosidi poganiza kuti ndi antibayotiki angamve kupepukidwa, kutentha thupi n'kutsika, pamene matenda akupitirira kukula mkati.

Dzina likatayika m'njira

Wina anganene kuti, zonsezi zamveka, koma dzinalo tikaliwerenga pati? Funso limeneli ndi lachilungamo, chifukwa mankhwala ambiri amafika m'manja mwa wodwala atavulidwa kale katoni yawo.

Ku zipatala zambiri makapisozi amabwera m'mabotolo akuluakulu ndipo amawawerengera m'tiziphukusi ta pulasitiki, tija tili ndi zithunzi zosonyeza m'mawa, masana, madzulo ndi usiku. Dzina limalembedwa pamanja, kawirikawiri mwachidule, `Amox` kapena `Doxy`, ndi bolopeni imene sigwira bwino pa pulasitiki. Kathumbako kakakhala masiku awiri m'thumba la malaya kapena pa mfundo ya chitenje, zilembo zimafufutika. Kunyumba, otsala a ulendo uno ndi a ulendo watha amakathera m'kabotolo kamodzi pamwamba pa kabati. Pamenepo dzina latha, chatsala ndi maonekedwe okha.

Kumsika ndi m'maokala, kumene malamulo salola kugulitsa maantibayotiki koma amapezekabe, munthu amagula malinga ndi ndalama imene ali nayo, awiri kapena anayi. Wogulitsa amadula kapepala ka siliva ndi lumo kapena sizasi. Mafakitale ena amalemba dzina mobwerezabwereza kumbuyo konse, moti ngakhale kachidutswa kamakhala ndi zilembo zina. Koma nambala ya gulu ndi tsiku lothera ntchito kawirikawiri zimadindidwa kumapeto kumodzi kokha, ndipo amene wagula pakati sazipeza.

Ndiye sikuti anthu amadalira maonekedwe chifukwa cha umbuli. Nthawi zambiri ndi chokhacho chimene chatsala, ndipo mayinawo ndi aatali, achilendo, olembedwa m'tizilembo tovuta kuona kwa agogo kapena kwa aliyense usiku magetsi atazima. Ofufuza za kagwiritsidwe ntchito ka maantibayotiki m'Malawi, Uganda, Zimbabwe ndi Myanmar anakumana ndi zomwezi. Anaona kuti kufunsa anthu mayina sikupereka chithunzi chenicheni, ndiye anayamba kunyamula thumba la mankhwala enieni opezeka m'deralo, n'kumawayala pansi kuti anthu aloze amene amawadziwa ndi amene anamwapo. Njira imeneyi anaifotokoza m'chaka cha 2019.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimasunga dzina kuti lisatayike. Mankhwala aliwonse akhale m'kathumba kapena m'kapepala kake mpaka atatha, osasakaniza. Potulutsa makapisozi m'kapepala ka siliva, ndi bwino kuyambira mbali imene kulibe tsiku lothera ntchito, kuti zolembazo zing'ambike pomaliza. Amene ali ndi foni ya kamera angajambule paketi kapena kathumba tsiku lomwe walandira, zilembo zisanafufutike. Ndipo m'buku la kuchipatala mumakhala dzina ndi mlingo zimene adokotala analemba, moti munthu angathe kuyerekeza ndi zimene zili pa kathumba asanachoke pa zenera. Zikasiyana, kapena maonekedwe akakhala achilendo, funso lake ndi lalifupi: "Adokotala, awa dzina lawo ndi chiyani, ndipo ndi a mamiligiramu angati?" Kapisozi amene wapezeka payekha, wopanda paketi, palibe angamutchule motsimikiza pongomuyang'ana, ngakhale katswiri wa zamankhwala. Ena amakhala ndi tizilembo kapena manambala odindidwa pa chigoba penipeni, zomwe zingathandize katswiriyo kulondola, koma ambiri amene timawaona kuno alibe.

Malire a dzina, ndi pamene maonekedwe amathandiza

Kunena kuti dzina limaposa maonekedwe sikutanthauza kuti dzina silinama. Opanga mankhwala achinyengo amasindikiza dzina lolondola pa katoni yokongola, mkati muli ufa wopanda mphamvu kapena wochepa. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ndi achinyengo kapena osafika pa mlingo woyenera. Dzina limakuuzani chimene paketiyo ikulonjeza. Chotsimikizira kuti lonjezolo ndi loona ndi njira imene mankhwalawo adutsa. Kuno ntchito yolembetsa mankhwala, kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi kuchotsa pamsika mankhwala opezeka ndi vuto ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Bungwe lotere likalengeza kuti mankhwala ena abwezedwe, limatchula dzina, kampani ndi nambala ya gulu. Amene anataya paketi alibe njira yodziwira ngati ake ali m'gululo.

Mayina nawo amasokoneza. `Amoxicillin` ndi `Ampicillin` akalembedwa pamanja mofulumira amafanana kwambiri, ndipo chidule ngati `Amp` kapena `Clox` chimafuna wochizolowera.

Maonekedwe ali ndi ntchito yawo, kungoti si yotchula dzina. Ndi chenjezo. M'kathumba kamodzi mukapezeka makapisozi a maonekedwe awiri, pali chofunika kufunsa. Makapisozi akamatirirana, akafewa, akasweka kapena utoto ukasuluka, ndiye kuti alowa chinyontho kapena akhala padzuwa, zomwe zimachitika msanga m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala komanso m'dzinja. Ndipo maonekedwe akasintha pa mankhwala amene munazolowera, si umboni woti akusinthirani, komanso si chinthu chongonyalanyaza. Ndi chifukwa chokwanira chowerengera dzina ndi nambala kachiwiri.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti, bwanji maboma osangolamula kuti mankhwala amodzi azioneka chimodzimodzi kulikonse? Ofuna zimenezi ali ndi umboni wawo. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2013 anapeza kuti odwala khunyu amene mapiritsi awo anasintha utoto ankasiya kumwa mankhwala kawirikawiri kuposa anzawo. Otsutsa amati utoto wosiyanitsika ndi maso ndi wochepa pamene mankhwala ndi masauzande, kuti makampani ena amaona maonekedwe ngati chizindikiro cha malonda awo, ndiponso kuti anthu akazolowera kudalira utoto, wachinyengo ntchito yake imaphweka, chifukwa kutengera chigoba n'kosavuta kuposa china chilichonse. Palinso funso la mphamvu pamsika: dziko logula pang'ono ngati lathu lingathe kuuza fakitale ya ku India utoto woti igwiritse ntchito popanda mtengo kukwera?

Lachiwiri likukhudza kudinda zilembo pa kapisozi aliyense. Ku America lamulo limafuna kuti mapiritsi ndi makapisozi akhale ndi chizindikiro chodindidwa chowazindikiritsa. Kodi zoterezi zingathandize kuno, kumene mankhwala amachoka m'katoni asanafike kwa wodwala, kapena zingangothandiza akatswiri okha amene ali ndi mndandanda womasulira zizindikirozo?

Lachitatu ndi la pa zenera la famase. Kulemba dzina lonse, mphamvu ndi tsiku lothera ntchito pa kathumba kalikonse, n'kufotokozera wodwala aliyense modekha, kumafuna nthawi ndi antchito, pamene mzere wafika panja. Makina osindikiza timapepala tomata angathandize, koma amafuna ndalama, magetsi ndi mapepala osatha. Ndipo ngakhale dzina litalembedwa bwino, amene satha kuwerenga kapena amene maso ake afooka timuthandiza bwanji, ngati tikumuuza kuti asadalire chinthu chokhacho chimene amatha kuona?

Lomaliza ndi la ogulitsa osavomerezeka. Ena amati njira ndi kukhwimitsa lamulo mpaka makapisozi asowe m'misika ndi m'maokala. Ena amati bola mankhwala akusowa m'zipatala za boma nthawi zina, ndipo famase yovomerezeka ili kutali kapena ndi yodula, anthu adzapitabe kumeneko, moti kuthamangitsa ogulitsa kokha kungangobisa malondawo. Mbali ziwirizi sizinagwirizanebe kuti choyamba kukonza ndi chiti.